Kalata Yopempha Chikho pa Golomoti

Mpunga wa ku Bwanje ukalowa m'nyumba, thonje nalo litapita pasikelo, anyamata a pa Golomoti sakhazikika. Mabwalo auma, kuminda kulibe ntchito yothyola msana, ndipo mudzi uliwonse uli ndi timu yomwe imadziona kuti ilibe wina woigonjetsa kuchokera ku Mtakataka mpaka kumunsi kwa Khwekhwerere. Ikatero nyengo, pamabadwa komiti ya chikho. Komiti ikakhala pansi n'kuwerengera za mipira, oyimbira ndi mphoto, nkhani imathera pamodzimodzi: tilembere kalata kampani. Poti ndinagwirako choko, kalatayo kawirikawiri imagwera ine, ndipo pa zaka zomwe ndakhala ndikulemba ndi kuwerenga makalata a anzanga ndafika pokhulupirira kuti ambiri mwa iwo amafa asanatuluke n'komwe m'chipinda chomwe alembedwera.

Chimawapha ndi kulira. Kalata yathu yachizolowezi imayamba ndi umphawi wa dera, kenaka achinyamata osowa chochita amene akulowerera ndi mowa ndi chamba, kenaka mimba za ana asukulu, n'kumaliza ndi mawu oti tidzathokoza thandizo lililonse lomwe angatipatse. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma amene amatsegula envelopu ija ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi munthu wa ofesi ya zamalonda, ndipo patebulo pake pali mulu wa makalata olira chimodzimodzi ochokera ku Nsanje, ku Karonga, ku Mchinji. Iye anapatsidwa ndalama kuti dzina la kampani limveke ndipo katundu agulidwe. Akatulutsa ndalama ayenera kukafotokozera abwana ake chomwe wagula nazo. Kalata yosamupatsa yankho la funso limenelo ilibe pomugwira, ngakhale munthuyo atakhala wachifundo chotani.

Mpira waukulu wa m'dziko muno unatiphunzitsa kale zimenezi, kungoti sitiyang'anitsitsa. TNM itayamba kuthandiza Super League mu 2007, dzina lake linakhala kutsogolo kwa dzina la ligi, ndipo wowulutsa mpira aliyense pawailesi ankalitchula kambirimbiri pamasewero amodzi. Airtel Top 8 inayamba mu 2017, FDH Bank Cup mu 2021, Castel Challenge Cup mu 2023. Manoma tinawatchulapo Be Forward Wanderers, kenaka Mighty Mukuru Wanderers. Maule anasanduka Nyasa Big Bullets, pambuyo pake FCB n'kudzakhala kutsogolo kwake. Palibe mwa makampani amenewa yomwe inapereka ndalama mwakachetechete. Iliyonse inagula malo pakamwa pa anthu. Ife a kumudzi tikugulitsa chinthu chomwechomwecho, chochepa chabe, ndipo tiyenera kudziwa kukula kwake ndi mtengo wake.

Funso loyamba silikhudza kalata n'komwe koma woilandira. Komiti ikamatchula makampani, dzina lomwe limatuluka msanga ndi la Golomoti Solar, chifukwa magalasi ake aliyense amawaona. Malo aja anamangidwa ndi JCM Power mogwirizana ndi InfraCo Africa, anayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo amapanga magetsi okwana mamegawati 20, ali ndi mabatire osungira mphamvu. Koma magetsiwo amagulitsidwa ku ESCOM. Palibe mayi wa kwa Kachindamoto amene adzachoke kubwalo la mpira n'kukagula kanthu kwa iwo. Kulembera kampani yotere kuti "malonda anu adzakwera" n'kuonetsa kuti simunaganize za amene mukumulembera. Chomwe kampani yokhala pakati pa midzi ingafune ndi kukhala bwino ndi eni nthaka: mafumu aidziwe, achinyamata aione ngati mnansi, ndipo ikhale ndi zithunzi ndi lipoti loti ikaonetse eni ndalama ake kuti anthu ozungulira akupindula. Kalata yopita kumalo otero imakamba za midzi ingati yomwe itenge nawo mbali, atsikana angati adzasewere mpira wamanja, ndi mpata wolankhula kwa anthu za chitetezo pafupi ndi nthambo zamagetsi. Imapita kwa woona za ubale ndi anthu a m'midzi, osati kwa wa zamalonda.

Kampani ya mbewu, ya lamya, ya sopo, banki kapena ya zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi nkhani ina. Amenewa amafuna maso ndi matumba a anthu omwewo oimirira m'mphepete mwa bwalo. Komiti yathu ina inasankha kampani ya mbewu, yomwe sinditchula dzina, ndipo chifukwa chake chinali nyengo. Chikho chathu chimayamba mu Ogasiti n'kutha mu Okutobala, pomwe mlimi aliyense wayamba kuganiza za mbewu yoti adzale mvula ikagwa. Wogulitsa mbewu sangapeze nthawi ina yabwino yoposa imeneyo yokumana ndi alimi ochuluka atasonkhana okha, osawaitana ndi fanta. Chiganizo chimenechi n'chomwe chinayenera kukhala pamwamba pa kalata, ndipo chinakhaladi pamwamba.

Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, koma ine ndimayamba ndaiganiza m'chilankhulo chathu, kuti komiti yonse imve zomwe ikulonjeza. Ndime yoyamba inanena zinthu zinayi basi: ndife yani, tikuchita chiyani, liti, ndipo tikupempha zingati. Inali motere: komiti ya chikho cha mpira pa Golomoti, m'dera la Mfumu Yaikulu Kachindamoto, ikonza mpikisano wa matimu 16 kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, ndipo ikupempha kampani yanu kuti chikhochi chitchedwe dzina lanu pamtengo wakutiwakuti. A tcheya atamva ndalama zikutchulidwa m'ndime yoyamba anagwira pakamwa.

"Aphunzitsi, kodi si mwano umenewu? Munthu sunamulonjere bwinobwino, wayamba kale kumuuza ndalama?"

"A tcheya, kwathu kuno n'zoona, mlendo timayamba tamufunsa za kumudzi. Koma uyu awerenga ali chiimire, foni ili kukhutu. Akapanda kuona chomwe tikufuna m'mizere itatu yoyamba, yachinayiyo saifika."

Anavomera monyinyirika, n'kupempha kuti moni yekha asachoke. Moni anakhala.

Pomwe pamafunika thukuta ndi pa chiwerengero cha anthu. Makalata athu amakonda kunena kuti kudzabwera "khwimbi la anthu" kapena "anthu zikwizikwi". Wa zamalonda mawu amenewo anawamva mpaka kutopa nawo. Bwalo lathu lilibe mpanda, palibe matikiti oti tiwerenge, koma njira yoyerekezera ilipo. Bwalo la mamita 100 m'litali ndi 65 m'lifupi likazungulidwa limakwana mamita 330. Anthu akaimirira mothithikana, pa mita imodzi pamakhala awiri, ndiye kuti mzere umodzi wozungulira bwalo lonse ndi anthu pafupifupi 660. Pamasewero a ndime yoyamba mzere umodziwo sudzadza n'komwe, mbali ya dzuwa imakhala ndi mipata. Tsiku la fainolo mizere imafika itatu, ndiye kuti anthu akuyandikira 2,000, osawerengera ana okwera m'mitengo ndi akabaza oonera ali panjinga zawo. Kulemba kuti "tikuyembekezera anthu pafupifupi 2,000 pa fainolo, ndipo tawerengera motere" kumalemera kuposa kulemba 10,000 yopanda pogwira. Wa kampani akadzabwera tsikulo adzawerenga ndi maso ake, ndipo akapeza kuti munamunamiza, chaka chamawa simudzamuonanso.

Pali kachinyengo kena kamene anthu amachita osadziwa. Matimu 16 akamasewera mwachipulula, masewero amakhala 15: asanu ndi atatu, kenaka anayi, kenaka awiri, n'kumaliza ndi fainolo. Mukamasewera Loweruka ndi Lamulungu pabwalo limodzi, zimatenga masabata asanu ndi atatu. Wina amatenga anthu obwera tsiku limodzi n'kuchulukitsa ndi 15, n'kulemba kuti chikho chidzafikira anthu onsewo. Koma ambiri mwa iwo ndi omwewomwewo, amayi a zitumbuwa omwewo, madala a pansi pa mtengo omwewo. Ndibwino kunena zoona, chifukwa zoonazo nazonso zimagulika: mlimi mmodzi adzaona dzina la mbewu yanu masabata asanu ndi atatu otsatizana, ndipo sabata yachisanu ndi chinayi ndi yomwe amapita kusitolo.

Tsono kuonekera kumene timalonjezako n'chiyani kwenikweni? Apa ndimaumirira pa lamulo limodzi: lonjezani zokhazo zomwe zili m'manja mwanu. Dzina la chikho lili m'manja mwathu. Chimkuzamawu cha pabwalo chili m'manja mwathu, ndipo tingathe kulemba kuti wowulutsa adzatchula kampani masewero asanayambe, pa nthawi yopuma, ndiponso chigoli chikalowa. Zinsalu zolembedwa dzina, ziwiri kuseri kwa magolo, china mbali yomwe amakhala mafumu, zili m'manja mwathu. Malo oti kampani iike tebulo ndi kuonetsa katundu wake, mphindi khumi zoti mlangizi wawo alankhule pa nthawi yopuma ya fainolo, woimira kampani kukhala wopereka chikho pamaso pa anthu: zonsezi tingazikwanitse popanda kupempha wina aliyense. Koma kulemba kuti nkhaniyi idzamveka pa Zodiak kapena idzaoneka pa MBC n'kugulitsa mbuzi ya eni. Mtolankhani angathe kubwera, angathenso kuitanidwa kwina tsiku lomwelo. Chomwe tingalembe n'choti tidzaitana atolankhani, ndipo tidzatumiza zotsatira za sabata iliyonse kumawailesi.

Mwa zonsezi, chomwe ndimachiona cholemera koposa ndi jezi. Chinsalu chimatsitsidwa chikho chikatha, mawu a pachimkuzamawu amapita ndi mphepo, koma jezi imakhala. Mnyamata amasewera nayo chaka chonse, amapita nayo kumsika, amapalasa nayo kabaza panjira ya ku Mua, ikatha amaipereka kwa mng'ono wake. Kampani ikapereka ndalama ya mphoto, anthu amakumbukira timu yomwe inapambana. Ikapereka majezi, amakumbukira kampaniyo. N'chifukwa chake m'kalata muja majezi ndinawapatsa ndime yawoyawo.

Golomoti alinso ndi mwayi womwe midzi yambiri ilibe. Apa ndi pamphambano: msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka, msewu wolowera ku Monkey Bay ndi Mangochi, ndi uja wokwera mapiri kukatulukira pa M1. Chinsalu cholengeza chikho chikakhala pamalo ooneka, amachiwerenga ndi apaulendo omwe. Izi n'zoyenera kuzitchula, koma mutayamba mwafunsa kukhonsolo za chilolezo choika chikwangwani m'mbali mwa msewu, kuti lisadzakhale lonjezo lina lotsitsidwa ndi eni msewu.

Bajeti imakhala pa tsamba lachiwiri, ndipo iyenera kukhala yoti munthu aione kamodzi n'kuimvetsa. Tiyerekeze kuti zonse zikukwana K3,000,000. Mphoto za matimu opambana zitenge K1,000,000, majezi a matimu anayi ofika mu semifainolo K900,000, oyimbira pamasewero onse 15 K450,000, ndipo K650,000 yotsalayo ikhale ya mipira, maukonde, laimu wolembera bwalo, chimkuzamawu, achitetezo ndi bokosi la mankhwala. Manambalawa ndi ongoyerekeza, mitengo yeniyeni mukaitenge kusitolo sabata yomwe mukulembayo, ndipo mulembe tsiku lomwe mwaitenga. Amene anapempha ndalama mu Okutobala 2023 n'kudzalandira Khirisimasi itayandikira akudziwa chomwe ndikunena, chifukwa mu Novembala chaka chimenecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mipira ndi majezi ndi katundu wochokera kunja. Kuyambira pamenepo ndimakonda kupempha kuti zinthu zogula kampani igule yokha n'kubweretsa. Kampani nayo imamasuka, chifukwa mpira sungalowe m'thumba la munthu ngati momwe imalowera ndalama.

Mzere womwe suyenera kusowa m'bajeti ndi wa zomwe ife eni ake tikuikapo. Timu iliyonse ikalipira K20,000 yolembetsa, matimu 16 apereka K320,000. Bwalo tisenga tokha, magolo tikonza tokha. Ndi zochepa, koma zimauza wowerenga kuti chikhochi chichitika ndithu, iye akungosankha kukhala nawo kapena ayi. Ndipo pempho lisakhale la mtengo umodzi wokha. Dzina la chikho likhale ndi mtengo wake, majezi mtengo wake, mipira mtengo wake. Wa zamalonda amene sangakwanitse K3,000,000 popanda kudikira akuluakulu a kampani mwina angathe kusainira yekha za mipira, ndipo amene wapereka mipira chaka chino ndi amene mudzamulembere za chikho chonse chaka chamawa.

Za ndalama ndinene mosabisa. Kalata yomwe pamapeto pake pali nambala ya foni ya munthu mmodzi kuti atumizeko ndalama, imaoneka ngati ya akuba, ngakhale munthuyo atakhala mkulu wa mpingo. Komiti ikhale ndi akaunti ya kubanki ya dzina lake, yosainira anthu awiri kapena atatu. Kalata isainidwe ndi tcheya ndi mlembi, ikhale ndi chidindo cha mfumu, ndipo ngati bwalo ndi la sukulu, pakhale kalata ya mphunzitsi wamkulu yovomereza. Kudziwitsa a komiti ya mpira paboma, omwe ali pansi pa FAM, kumathandizanso kupeza oyimbira ophunzira ntchito yawo. Kampani imaopa kwambiri kuti dzina lake limveke pamodzi ndi nkhani ya woyimbira amene wathamangitsidwa ndi miyala. Chiganizo chimodzi chonena kuti pali malamulo olembedwa, kuti timu yoyambitsa ndewu imachotsedwa, komanso kuti apolisi ndi achitetezo cha m'mudzi adziwitsidwa, chimachotsa mantha omwe wa kampaniyo sangawatchule pamaso panu.

Walira mvula walira matope. Mukagulitsa dzina la chikho, mwagulitsadi. Kampani ya mbewu siingalole kuti wopikisana naye adzaike tebulo mbali ina ya bwalo lomwelo, ndipo ngati komiti inatumiza makalata kwa onse awiri, iyenera kudziwiratu chochita onse akavomera. Ine ndimati lemberani mmodzi m'gulu lililonse la malonda, mumupatse tsiku loti ayankhe lisanadutse, likadutsa mupite kwa wina. Matope ena ndi andale. Tonse tikuwadziwa mabonanza omwe amamera chisankho chikayandikira n'kufota mavoti akawerengedwa. Wofuna mpando akamva kuti fainolo ili ndi anthu, amatulukira ndi envelopu ndi amayi ovala nsalu za chipani, n'kupempha kuti alankhuleko pang'ono. Kampani yomwe yalipira chikho siifuna kuti chithunzi cha chizindikiro chake chituluke pambali pa mbendera ya chipani chilichonse. Nkhaniyi komiti iyenera kuimanga isanatumize kalata, n'kulembamo kuti chikhochi si chandale, chifukwa tsiku la fainolo palibe tcheya amene ali ndi mtima wolanda bwana maikolofoni. Ndipo pabwalo la sukulu, podzadza ana, ine sindilembera kampani ya mowa kapena ya juga, ngakhale ndikudziwa kuti ndi amene ali ndi ndalama zamasewero masiku ano. Ena m'komiti amatsutsana nane pamenepa, ndipo mfundo yawo ndimaimva: mpira sugulidwa ndi makhalidwe abwino. Komabe dzina langa sindiika pa kalata yotero.

Nthawi yotumizira imaposa kukoma kwa Chingerezi. Makampani amakonzeratu ndalama za chaka, ndipo kalata yofika kutatsala masabata awiri imapeza thumba litamangidwa kale. Ya chikho cha mu Ogasiti iyenera kunyamuka mvula isanathe. Isangoponyedwanso pageti kwa alonda. Ife tinadzera kwa wogulitsa mbewu za kampaniyo pa Golomoti pomwepa, iye n'kutilumikiza ndi woyang'anira malonda m'chigawo. Munthu ameneyu ali ndi chiwerengero cha matumba chomwe ayenera kugulitsa m'dera lake, ndiye chikho chathu chinali chomuthandiza iyeyo. Ndi amene ananyamula kalata kupita nayo kulikulu n'kukailankhulira.

Yankho silinali lonse lomwe tinapempha. Anakana za mphoto, anavomera majezi a matimu awiri a fainolo, mipira ndi zinsalu zawo, ndipo majeziwo anafika mochedwa, semifainolo itaseweredwa kale. Ena m'komiti anakhumudwa, amvekere kampani yonse ija n'kutipatsa zimenezi. Koma titachotsa pa bajeti zomwe anabweretsazo, chotsala chinali choti ndalama zolembetsa ndi amalonda a pamsika n'kuchikwanitsa, mphoto titazichepetsako. Dzina la chikho sitinawapatse, poti sanalipire mtengo wake. Tinawatchula ngati othandiza, monga momwe kalata inanenera.

Chomwe makomiti ambiri amaiwala chimabwera chikho chitatha. Fainolo ikatha aliyense amabalalika, makalata othokoza salembedwa, ndipo wa zamalonda uja amatsala wopanda chokaonetsa abwana ake. Sabata isanathe payenera kupita tsamba limodzi: masewero angati anaseweredwa, anthu anali angati pa fainolo ndi momwe tawerengera, ndalama zinayenda bwanji, malisiti ake ndi awa. Pamodzi ndi tsambalo pakhale zithunzi zojambulidwa ndi cholinga, zoonetsa chinsalu cha kampani anthu atadzadza kumbuyo kwake, osewera atavala majezi, woimira kampani akupereka mphoto mfumu ili pambali. Musankhiretu mnyamata mmodzi wa foni yabwino kuti tsikulo ntchito yake ikhale imeneyo yokha, chifukwa ena onse maso amakhala ali pa mpira. Ndipo zomwe zinalephereka muzinene nokha: ngati chinsalu china chinang'ambika ndi mphepo sabata yachitatu, lembani choncho.

Inu a komiti amene mukuganiza za chikho cha chaka chamawa, musadikire kuti mabwalo aume. Ngati munachititsa chikho chaka chino, fufuzani zithunzi zake lero zisanafufutidwe m'mafoni, yezani bwalo lanu ndi chingwe, mutsegule akaunti, ndipo kalata inyamuke chimanga chisanache.